Dzina la pa Bolodi la Lachisanu

Pa senta ya m'dera lathu panali mayi wina amene aliyense ankamutchula kuti Aphunzitsi, ngakhale sanaphunzitsepo kalasi. Ntchito yake inali yodawuniloda mavidiyo ophunzitsa ntchito zamanja ndi kuwaika m'mafoni ndi m'mamemole a anthu opanda intaneti kunyumba. Kumabwera atelala, amakaniko, owotcherera zitsulo, amayi oluka tsitsi, ngakhale achikulire ofuna kudziwa kawetedwe ka nkhuku. Chipinda chake chinali chaching'ono: makompyuta awiri, benchi imodzi, windo la zitsulo, ndi kabati yachitsulo yosungiramo hadi disiki, kachipangizo kangati sopo komwe munali mavidiyo onse amene anadawuniloda m'zaka zitatu.

Poyamba kunalibe dongosolo, wofika msanga ndiye ankathandizidwa. Zinatha tsiku limene makaniko wina wa njinga zamoto, yemwe ankamuti Sipanala, anamenyana ndi kalipentala chifukwa cholowererana pamzere. Kalipentala anachoka dzino, benchi inathyoka mwendo, ndipo bandulo ya intaneti ya mwezi wonse inali itatha kale pa sabata yachiwiri. Kuyambira pamenepo Aphunzitsi anakhazikitsa ndandanda ya sabata, naiika pa bolodi la pakhonde kuti aliyense aziiwerenga.

Lolemba anthu ankalembetsa zimene akufuna. Lachiwiri iye ankafufuza ngati vidiyoyo ili kale mu disiki, ndipo ngati mulibe, ankaona kukula kwake komanso ngati eni ake amalola kuigawa. Bandulo ya mwezi ankaigawa panayi, sabata iliyonse majibi (ma GB) makumi awiri ndi asanu, zikapitirira wina ankadikira sabata inayo. Mavidiyo olankhula chabe ankawatenga osawala kwambiri kuti asadye malo, koma a mawaya ndi a kusoka ankawatenga owala, poti munthu ayenera kuona bwino pomwe singano yalowa. Lachitatu ankadawuniloda m'mawa, netiweki isanadzaze anthu. Lachinayi ankatsegula vidiyo iliyonse koyambirira, pakati ndi kumapeto, kuopa kupatsa munthu chinthu chodukira panjira. Lachisanu linali lokopera: munthu aliyense mphindi khumi ndi zisanu, dzina lake ndi nthawi yake zolembedwa ndi choko. Loweruka opanda mafoni ankaonera pa kanema wa mu holo.

“Dzina likakhala pabolodi palibe wonama kuti ndinafika poyamba,” ankatero Aphunzitsi. Ndipo ndewu zinathadi. Sipanala mwiniwakeyo ndiye anasanduka wapolisi wa pamzere.

Aphunzitsi anali ndi mng'ono wake mmodzi. Mng'onoyo anakwatiwa ndi dalaivala wa malole, munthu waulemu pagulu, wogwira chipewa m'manja popereka moni. Kunyumba anali chilombo. Miyezi iwiri nkhaniyi isanachitike anamumenya mkaziyo ndi chitsulo cha jeke, namuthyola nthiti ziwiri, n'kumupondera foni. Mng'onoyo atatuluka m'chipatala sanabwererenso. Anatenga ana ake awiri n'kukabisala kwa mnzake wa kusukulu, kutsidya lina la tawuni. Aphunzitsi ankadziwa nyumbayo koma sankapitako, poti kawiri konse anaona lole ya mlamu wake itaima pafupi ndi siteji yomwe ankakwerera basi.

Lolemba lina masana, mzere utatha, panalowa mkazi atadziphimba mpango mpaka m'maso. Atauvula, Aphunzitsi anadzuka msanga n'kutseka chitseko.

“Iwe, wapenga? Wabwera bwanji kuno?”

“Pabasi, achemwali, ngati anthu ena onse.” Anaseka, koma anagwira m'nthiti. “Ndapeza malo kwa bambo wina woika magetsi a sola. Akuti ndikadziwa kulumikiza mapanelo, batire ndi invetala andilemba ntchito mwezi wamawa. Mnzanga wandibwereka foni yake yakale. Mundilembe.”

Aphunzitsi anamuyang'ana. Anali ataonda, koma maso ake anali a mwana uja amene kale ankamasula wailesi ya bambo awo kuti aone anthu olankhulamo.

“Mavidiyo a sola alipo khumi ndi awiri, ine ndili nawo asanu ndi awiri. Asanu otsalawo ndidawuniloda Lachitatu. Ndikupatsira munthu, usabwerenso.”

“Ayi. Ndidzabwera ndekha Lachisanu. Ndatopa kukhala m'chipinda ngati mbava ndine. Mundilembe pabolodi ngati wina aliyense.”

“Nanga amuna ako akaona?”

“Aja ali paulendo wautali. Ndiponso kuno angadzatani? Munthu amene amati sukulu ndi ya anthu aulesi?”

Lachiwiri Aphunzitsi analemba ndandanda. Atafika pa teni koloko ya Lachisanu choko chinaima m'mwamba kanthawi. Kenako analemba dzina la mng'ono wake lonse, ndi mawu oti magetsi a sola, mavidiyo khumi ndi awiri. Anabwerera m'mbuyo n'kuliyang'ana, mtima ukumuuza kuti dzinalo likuoneka bwino pamenepo, pakati pa woluka tsitsi ndi womanga nyumba. Anaiwala kuti anthu amajambula bolodilo n'kumatumizirana pafoni kuti okhala kutali asavutike kudzaona.

Lachinayi chakumasana ali mkati moyesa mavidiyo, anaona mthunzi pakhonde. Mlamu wake anali ataima patsogolo pa bolodi, manja kumbuyo, ngati munthu woyang'ana zotsatira za mayeso. Anasuzumira pakhomo, navula chipewa.

“Alamu, mwaswera bwanji?”

“Ndaswera.”

“Ntchito mukuigwira yabwino. Anzanga a kumalole amayamikira.” Anamwetulira. “Ndimangodutsa.”

Atangochoka, Aphunzitsi anatenga chinsanza n'kufufuta dzinalo mwamphamvu mpaka bolodi linalira. Anaimbira foni mnzake wa mng'ono wake.

“Umuuze asatuluke mawa. Ngakhale kupita kogula mchere. Mwamuna wake waona dzina lake pabolodi.”

Mng'onoyo anatenga foni. “Nanga inu, achemwali? Musatsegule mawa.”

“Anthu makumi awiri ndi anayi akudikira zinthu zawo. Ine angandichite chiyani masanasana, anthu ali pakhonde?”

Poweruka anadzera kupolisi. Wapolisi wa pakauntala anamvetsera, nafunsa ngati munthuyo waopseza. Aphunzitsi anati ayi, wangopereka moni. Wapolisiyo anatambasula manja, nati moni si mlandu, koma chikachitika china aimbe. Kenako anadzera kwa Sipanala, namupeza atagona chagada pansi pa njinga.

“Achimwene, mawa mubwere nayini koloko, osati leveni. Muzingokhala pakhonde.”

“Ndani akuvutani? Kalipentala uja?”

“Mlamu wanga.”

Sipanala anatulutsa mutu, napukuta manja. “Nayini ndafika.”

Lachisanu Aphunzitsi anatsegula eyiti koloko. Anatulutsa disiki mu kabati, nailumikiza pa kompyuta. Woyamba anali telala, mayi wamkulu thupi wosachedwa kupsa mtima. Aphunzitsi analowetsa memole yake, naifufuza mavailasi, nayamba kukopera mavidiyo a kadulidwe ka makolala. Kamzere kobiriwira kanayamba kuyenda mwa ulesi wake wa masiku onse. Pakhonde panali amayi atatu.

Hafu pasiti eyiti isanakwane mlamu analowa. Sanavule chipewa. Anagwira telala paphewa.

“Mayi, tatulukani kaye. Nkhani ya pabanja.”

“Ino ndi nthawi yanga, bambo. Onani pabolodi.”

Anamukankha ndi manja awiri. Telala anapunthwa pachiundo cha chitseko n'kugwera pakhonde chagada. Mlamu anatseka chitseko, nakoka loko wa m'kati, nakankhira benchi pamenepo.

“Pabolodi ndaonapo,” anatero. “Dzulo panali dzina. Lero palibe. Mwafufutiranji, alamu?”

“Wasintha maganizo.”

“Ndiye kuti mwalankhula naye.”

Aphunzitsi anazindikira pomwepo kuti chinsanza chija chamugulitsa. Anatambasula dzanja kufuna foni yomwe inali patebulo. Mlamu anaiwombera pansi, naiponda ndi chidendene, galasi n'kuphwanyika. Kenako anamumenya khofi lomwe linamuzunguza mutu, khutu la kumanzere likulira ngati muli njuchi.

“Mkazi wanga ali kuti?”

“Sindikudziwa.”

Chibakera chinafika pakamwa. Anamva mlomo ukung'ambika pa mano, magazi otentha akudzaza m'kamwa. Anagwera pa mpando, mpando unagwa naye. Panja amayi anayamba kukuwa, telala akumenya chitseko ndi zikhatho.

Mlamu anakoka chingwe cha ekisitenshoni pakhoma. Makompyuta onse anazima, kukopera kuja kunadukira panjira. Anapinda chingwecho pawiri n'kuyamba kumukwapula nacho pamsana, m'miyendo, m'manja omwe anaphimba nawo nkhope. Sankakalipa. Ankafunsa funso lomwelo ndi mawu otsika, ngati akufunsa njira.

“Ali kuti? Ana anga ali kuti? Inu ndi amene mukumuphunzitsa mwano. Magetsi a sola! Akufuna aziyenda pamadenga a amuna?”

Aphunzitsi anadzipinda pansi pa tebulo. Iye anamukoka mwendo n'kumutulutsa. Anatsegula madilowa, nakhuthula mapepala, napeza buku la Lolemba. Anatsegula masamba mpaka anapeza dzinalo. Pamalo polemba nambala ya foni ndi kokhala panalibe kanthu. Apo pokha Aphunzitsi anachenjera. Mlamu analing'amba bukulo pakati.

Maso ake anagwera pa disiki. Anaizula, naikweza m'mwamba.

“Anzanga amati moyo wanu uli umu. Zaka zitatu, eti? Nenani, apo ayi ndiswa.”

Aphunzitsi anakayang'ana kachipangizoko. Munali mavidiyo oposa zikwi ziwiri, ena eni ake anawachotsa kale pa intaneti. Kawiri konse anapempha komiti ya senta kuti igule disiki yachiwiri yosungira kope, komiti inkangoti tiona. Analavula magazi.

“Iswani.”

Anaimenyetsa pasimenti. Inadumpha, iye naiponda, naitolanso n'kuimenyetsa pakhoma mpaka chikuto chinatseguka. Ananyamula sikirini ya kompyuta n'kuiponya pa windo, magalasi anamwazikira amayi omwe ankasuzumira. Kenako anagwada, nagwira dzanja lamanja la Aphunzitsi, naliika pamlomo pa kabati yachitsulo.

“Dzanja lolembera ndi ili?”

Chitseko cha kabati chinatsekedwa pa zala zake. Aphunzitsi anamva kukuwa kwa munthu, ndipo panapita kanthawi asanadziwe kuti akukuwa ndi iye mwini. Dzina la msewu, mtundu wa geti, mtengo wa pakhomo, zonse zinali pa lilime. Analuma lilimelo. Mlamu anatsegulanso kabati.

“Kachiwiri. Ali kuti?”

“Kumene iwe sudzafikako, galu iwe.”

Aka kanali koyamba kumutchula kuti iwe. Kabati inatsekedwanso.

Chitseko cha chipinda chinagwedezeka. Mmodzi wa amayi aja anali atathamangira ku galaja, ndipo Sipanala anabwera ndi chitsulo chochotsera matayala, amakaniko anzake atatu ali pambuyo. Analowetsa chitsulocho pampata, loko anazuka ndi misomali yake, benchi inagudubuka. Mlamu anadzuka kuti alimbane, koma chitsulo chinamupeza pabondo. Anagwa. Anamukoka miyendo kudutsa pakhonde, mutu ukugunda masitepe, mpaka pabwalo.

Telala analowa n'kumukweza Aphunzitsi, namukulunga dzanja ndi mpango wake. Zala ziwiri zinali zitaloza kolakwika.

“Musayang'ane, mayi. Tiyeni panja mupume mphepo.”

Pabwalo anthu anali atachuluka. Anachokera kumsika, ku galaja, pa siteji, ena osadziwa n'komwe chomwe chachitika. Wina ankati wakuba makompyuta, wina ankati wapha mayi. Mlamu anali pakati, atadzipinda, nsapato zikumugwera m'nthiti ndi kumutu. Womanga nyumba uja anabwera ndi njerwa. Mayi woluka tsitsi, amene Aphunzitsi ankamudziwa ngati munthu wamanyazi, ankamumenya ndi mwendo wa mpando uku akulira. Chipewa chinali m'ngalande. Kenako kumbuyo kunamveka mawu.

“Bweretsani tayala! Petulo alipo!”

Aphunzitsi anaima pakhonde atatsamira mzati. Anaona tayala likugudubuzidwa kuchokera ku galaja. Anaona nkhope ya mlamu wake, diso limodzi litatsekeka, pakamwa pakutuluka thovu lofiira, akuyang'ana uku ndi uku kufuna nkhope yomwe akuidziwa. Anapeza yake. Aphunzitsi anangomuyang'ana. Anaganiza za nthiti za mng'ono wake, ndi kuti munthu uyu akafa lero sipadzakhalanso kubisala. Maganizowo anamukomera. Anaona tayala likukwezedwa, likudutsa pamutu, likukhala pamapewa. Anaona botolo likuperekedwa dzanja ndi dzanja. Anali chikhalire chete.

Chimene chinamusuntha ndi Sipanala. Botolo linafika m'manja mwake, ndipo anayamba kulitsegula ndi mano. Munthuyu anali ndi mkazi woyembekezera, ndipo anabwera pano chifukwa iye anamuitana.

Aphunzitsi anatsika masitepe, telala akumukoka kuti abwerere. Anthu ataona magazi pa bulauzi yake anapatuka. Anafika pakati n'kuima pamwamba pa mlamu wake, mwendo uku mwendo uku.

“Achimwene, ndipatseni botolo.”

“Aphunzitsi, chokani. Taonani dzanja lanu.”

“Dzanja ndi langa, ndaliona. Mukamuotcha, mawa apolisi adzatenga inu. Mukufuna mwana wanu adzakuoneni koyamba kundende chifukwa cha chinthu ichi?”

“Adzabweranso ameneyu!” anakuwa womanga nyumba.

“Ndiye mundiotchere naye limodzi, poti sindichoka.”

Mawu ankatuluka movuta pamlomo wotupa, koma anamveka. Sipanala anayang'ana botolo ngati sakudziwa kuti lafika bwanji m'manja mwake. Analitseka n'kulipereka kwa telala. Ena kumbuyo anapitiriza kutukwana, mwala umodzi unaponyedwa n'kumenya Aphunzitsi paphewa, koma moto wa gulu unali utayamba kuzirala. Anaima pomwepo mpaka galimoto ya apolisi inafika. Atangomuchotsa mlamuyo pansi pake, Aphunzitsi anakomoka.

Anatsitsimuka kuchipatala, dzanja lili mu pulasitala, mlomo utasokedwa. Mng'ono wake anali pambali pa bedi, maso atatupa.

“Ndine ndachititsa, achemwali. Ndine ndinakakamira.”

“Choko chinali m'manja mwanga,” anatero Aphunzitsi. “Ana wawasiya ndi ndani?”

“Ali kwa mnzanga. Aja ali mu wodi ya amuna, wapolisi ali pakhomo. Akuti bondo silidzawongokanso.” Anamukonzera pilo. “Anthu akuti munawapulumutsa.”

“Anthu amakamba zambiri. Tandipatsa madzi.”

Senta inatsekedwa sabata zitatu. Wokonza makompyuta atatsegula disiki anapukusa mutu, nati mbale za m'kati zakalika, palibe chotolapo. Komiti inagula madisiki awiri tsiku limodzi, popanda wonena kuti tiona. Aphunzitsi atabwerera anapeza kompyuta imodzi yokha yamoyo ndi laibulale yopanda kanthu. Pa majibi makumi awiri ndi asanu pa sabata, kubwezeretsa zonse kukanatenga zaka.

Telala ndiye anabwera ndi nzeru. Anafika Lolemba ndi kachikwama ka mamemole asanu ndi limodzi.

“Ija ya tsiku lija inafa, poti anazimitsa ili pakati. Koma izi ndi zonse munandipatsa chiyambire. Kopani mubweze.”

Uthenga unayenda. Sabata imeneyo ndandanda inatembenuka: m'malo modzatenga, anthu ankabweretsa. Amakaniko anabwera ndi mafulashi onunkha girisi, oweta nkhuku ndi mafoni osweka magalasi. Mng'ono wake anakhala pa kompyuta, Aphunzitsi akumuuza chochita: kufufuza mavailasi, kutaya mavidiyo obwereza, kutsegula iliyonse, kulemba dzina, kukopera m'madisiki onse awiri. Zina zinabwera zitasakanikirana ndi nyimbo ndi zithunzi za maukwati, ndipo fulashi ya Sipanala inali ndi zinthu zomwe zinachititsa mng'onoyo kutseka sikirini msangamsanga, mwiniwake n'kulumbira kuti ndi ya mnzake. Pomaliza anapeza mavidiyo opitirira pang'ono theka la omwe anatayika.

Pabolodi sipanalembedwenso dzina la munthu. Aliyense Lolemba ankalandira kapepala ka nambala, nambalayo n'kumasintha sabata iliyonse. Ena anadandaula kuti manambala amaiwalika, ndipo kawiri konse kunabuka mkangano pamzere, koma Aphunzitsi sanasinthe.

Mlandu unazengedwa patatha miyezi inayi. Mlamu analowa m'khoti ndi ndodo, navula chipewa, napepesa mwaulemu kwa woweruza. Anamupatsa zaka zisanu ndi chimodzi. Panja amayi ake anamulavulira Aphunzitsi kumapazi, nati wapasula banja la mwana wawo. Mng'ono wake anafuna kuyankha, koma iye anamukoka.

Ali pa siteji kudikira basi, mng'onoyo anawerenga pa zala.

“Akadzatuluka, mwana wanga wamkulu adzakhala ndi zaka khumi ndi zinayi.”

“Akhoza kutuluka msanga akakhala waulemu. Ndipo ulemu amautha.”

“Pamenepo ndidzakhala nditasamuka. Abwana akuti chaka chamawa atsegula shopu ina kutali, akufuna munthu.” Anamuyang'ana mkulu wake. “Tidzapite limodzi.”

Aphunzitsi anayesa kupinda zala ziwiri zija. Zinakana, monga zinkakanira m'mawa uliwonse. Za nthawi imene anaima pakhonde akuonerera tayala sanauzepo munthu, ndipo anaona kuti leronso sanena.

“Tidzakambirana,” anatero. “Basi yako ndi iyo, thamanga ungachedwe kuntchito.”